Kalata kwa Nduna ya Maboma Ang'ono, Mameya ndi Akuluakulu a Makhonsolo: Konzani Kaundula Musanakweze Siti Reti

Olemekezeka a Nduna, a Meya a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, akuluakulu oyendetsa makhonsolo ndi makhansala nonse,

Tikulemba kalatayi ife amene ntchito yathu ndi kuyeza nyumba, kuwerengera mitengo yake ndi kuwerenga mabilu a msonkho wa malo ndi nyumba, uja anthu amangoti siti reti. Nkhani yathu ndi imodzi. Khonsolo ikasowa ndalama, chimene chimafulumira kubwera pa msonkhano wa bajeti ndi kukweza mulingo wa msonkho. Koma vuto lalikulu silikhala pa mulingo. Limakhala m'kaundula wa mitengo ya nyumba, buku limene bilu iliyonse imachokeramo. Kaundulayo akakalamba, kukweza mulingo kumangowonjezera katundu pa anthu omwe aja amene akulipira kale, pamene anzawo oyandikana nawo sakhudzidwa n'komwe.

Tiyambe ndi mmene bilu imapangidwira, chifukwa ngakhale makhansala ena amavomereza mulingo asanaonepo masamu ake. Bilu ili ndi miyendo iwiri. Woyamba ndi mtengo wa malowo monga walembedwera m'kaundula, ndipo umenewu amauika ndi valuwa, katswiri wowerengera mitengo ya malo ndi nyumba. Wachiwiri ndi mulingo, kapena kuti ndalama zingati pa K1,000 iliyonse ya mtengowo, ndipo umenewu mumauika ndinu makhansala chaka ndi chaka. Valuwa salamula kuti munthu alipire zingati. Ntchito yake ndi kugawa katundu, kuti wa nyumba yaikulu asenze zambiri ndipo wa kanyumba asenze zochepa. Kukula kwa katundu yenseyo kumachokera kwa inu.

Lamulo la Maboma Ang'ono la 1998 limafuna kuti kaundula wamkulu azikonzedwa mwatsopano zaka zisanu zilizonse, ndipo pakati pa zaka zimenezi pazikhala kaundula wowonjezera wolowetsamo nyumba zatsopano, zowonjezeredwa, zogumulidwa ndi mapuloti ogawidwa. Pa malo alionse kaundula amaonetsa mtengo wa zonse pamodzi, mtengo wa nthaka yokha ngati kuti palibe chomangidwapo, ndi mtengo wa zomangidwapo. Mtengo umene ukunenedwa apa ndi wa pamsika, ndiye kuti ndalama imene wogula wofuna ndi wogulitsa wosakakamizidwa akanagwirizana pa tsiku limene lasankhidwa kukhala tsiku lowerengera. Tsikuli ndi limodzi kwa mzinda wonse, ndipo tibwererakonso pa mfundo imeneyi.

Valuwa amafika pa mtengowo m'njira zitatu, malinga ndi mtundu wa nyumba. Ngati m'deralo nyumba zimagulitsidwa kawirikawiri, amafanizira ndi zimene zagulitsidwa posachedwa. Ngati ndi sitolo kapena maofesi, amayambira pa lendi imene malowo angabweretse pachaka, n'kuchotsapo zowonongera pa kukonza, kenako n'kuchulukitsa ndi zaka zimene wogula angayembekezere kuti ndalama yake ibwerere. Ngati ndi nyumba yosagulitsidwa pamsika, monga fakitale, kapena pamene umboni wa malonda ukusowa, amawerengera ndalama zomangira ina yofanana nayo pa tsiku lowerengera, n'kuchotsapo kutha kwake. Kwathu kuno njira yachitatuyi imagwira ntchito kwambiri kuposa mmene mabuku amanenera, pa chifukwa chodziwika. Nyumba zambiri zimagulitsidwa popanda kusintha dzina pa mapepala, ndipo zimene zimasinthidwa dzina nthawi zina mtengo wake umalembedwa wotsika pofuna kuchepetsa msonkho wa sitampu. Valuwa amene angokopera mitengo ya m'mapepala a ku ofesi ya malo, osafunsanso kwa ogulitsa nyumba ndi ku mabanki, amatulutsa kaundula wotsika m'madera a anthu olemera, kumene chinyengochi chimapindulitsa kwambiri.

Tione nyumba imodzi mpaka pa bilu yake. Manambala amene tigwiritse ntchito ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, si mitengo ya khonsolo iliyonse. Nyumba ya zipinda zitatu, ya njerwa zootcha, yamalata, yasiling'i, kuyeza kunja kwa makoma ikukwana masikweya mita 120. Tinene kuti kumanga yotere pa tsiku lowerengera ndi K600,000 pa sikweya mita, ndiye kuti yatsopano ingadye K72 miliyoni. Koma nyumbayi yakhala zaka, malata achita dzimbiri m'mphepete, khoma la kukhitchini lili ndi mng'alu, ndiye valuwa akuchotsapo gawo limodzi mwa magawo anayi, n'kutsala K54 miliyoni. Mpanda wa njerwa, geti ndi kanyumba ka kuseri akuziika pa K6 miliyoni. Zomangidwa zonse zakwana K60 miliyoni. Puloti yopanda kanthu ya kukula komweko m'dera lomwelo ikupita pa K20 miliyoni. Mtengo wonse m'kaundula ndi K80 miliyoni. Khonsolo ikaika K2 pa K1,000 iliyonse ya nthaka ndi K1 pa K1,000 iliyonse ya zomangidwa, nthaka ilipira K40,000, zomangidwa K60,000, ndipo bilu ya chaka ndi K100,000.

Malo olakwikapo ndi ambiri m'masamu ochepawa. Woyeza wina amayeza mkati mwa makoma, wina kunja, ndipo pa nyumba ya makoma ochindikala kusiyana kwake si kwamasewera. Khonde lotseguka likawerengedwa pa mtengo wa chipinda chogona, mwini wake walipitsidwa mopitirira. Nyumba yosanja ikayezedwa pa chithunzi cha m'mwamba chokha, chipinda chapamwamba chimasowa. Kutha kwa nyumba nako kumatengera diso la munthu, choncho khonsolo isanatumize oyeza iyenera kulemba magulu omveka, monga yabwino, yapakati ndi yakutha, ndi zithunzi zosonyeza gulu lililonse, kuti wa ku Chilomoni ndi wa ku Bangwe ayezedwe ndi muyeso umodzi.

Tsopano tifike pa chimene chatilembetsa kalata. Taganizirani mapuloti atatu ondondozana mumsewu umodzi. Yoyamba ndi nyumba ija, imene inalowa m'kaundula kalekale pa mtengo wa K10 miliyoni. Yachiwiri inali puloti yopanda kanthu pamene oyeza ankadutsa, ndipo inalembedwa pa K2 miliyoni, koma lero pali nyumba yosanja ya matailosi yokwana K150 miliyoni, ndipo mwini wake amalandira lendi mwezi ndi mwezi. Yachitatu inadulidwa pambuyo pake ku puloti ina, ili ndi nyumba ya K70 miliyoni, koma m'kaundula mulibe n'komwe. Tinene kuti khonsolo ikufuna K300,000 kuchokera mumsewu umenewu, ndipo kuti masamu aphweke tigwiritse mulingo umodzi pa nthaka ndi zomangidwa.

Ndi kaundula wakale, mtengo wonse umene khonsolo ikuuona ndi K12 miliyoni basi. Kuti ipeze K300,000 iyenera kuika K25 pa K1,000 iliyonse. Woyamba alipira K250,000, wa nyumba yosanja alipira K50,000, wachitatu salipira kanthu. Ndi kaundula watsopano, mtengo wonse ndi K80 miliyoni kuphatikiza K150 miliyoni kuphatikiza K70 miliyoni, zonse K300 miliyoni, ndipo mulingo wa K1 pa K1,000 ukukwanira. Woyamba alipira K80,000, wachiwiri K150,000, wachitatu K70,000. Khonsolo yapeza ndalama zomwe zija. Taonani woyambayo: mtengo wa nyumba yake m'kaundula wachulukitsidwa kasanu n'katatu, koma bilu yake yatsika kuchoka pa K250,000 kufika pa K80,000. Nthawi zambiri woyambayu amakhala munthu wopuma pa ntchito amene anagula nyumba kale ndipo mapepala ake ndi olongosoka. Kulongosoka kwakeko n'kumene kukumulipitsa msonkho wa anzake awiri.

Masamu omwewa akuonetsanso msampha umene makhonsolo amagweramo akatulutsa kaundula watsopano. Ngati mutenga mitengo yatsopano n'kusiya mulingo wakale wa K25, woyamba uja alandira bilu ya K2 miliyoni, ndipo mawa lake pa ofesi panu padzaza anthu okwiya. Akakwiya amatukwana valuwa, makhansala n'kuchita mantha, kaundula n'kuimitsidwa, mzinda n'kubwerera ku buku lakale kwa zaka zina zambiri. Pamenepo cholakwa si cha valuwa. Chaka chimene kaundula watsopano akuyamba kugwira ntchito, yambirani pa ndalama zimene mukufuna kutolera, muzigawe ndi mtengo wonse wa m'kaundula, ndipo mulingo utuluke pamenepo. Ngati mukufuna kutolera zambiri kuposa chaka chatha, nenani poyera kuti mwawonjezera zingati ndi chifukwa chake, musazibise mkati mwa mitengo yatsopano.

Ena mwa inu mudzati kugwa kwa kwacha ndiko kwasokoneza zonse. N'zoona kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu mu Meyi 2012, mu Meyi 2022 ndi 25 peresenti, ndi mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo simenti ndi malata zinakwera motsatira. Koma mitengo ya nyumba zonse ikanakwera mofanana, kaundula wakale sakanalakwira munthu, mukanangosintha mulingo. Vuto n'lakuti sikwera mofanana. Dera limene mwadutsa tala kapena mwafika madzi a m'mipope limakwera msanga, pamene lina limene msewu wake wakumbika limatsalira. Kaundula wakale amasunga chithunzi cha mzinda umene kulibenso.

Apa ndi pamene tsiku lowerengera lija limafunika. Nyumba yatsopano ikamalowa m'kaundula wowonjezera, mtengo wake uyenera kubwezeredwa ku tsiku la kaundula wamkulu, kuti ifanane muyeso ndi zinzake. Ikalowa pa mtengo wa lero pamene zoyandikana nazo zili pa mitengo yakale, mwini wake amalipira kangapo kuposa mnzake wa nyumba yofanana. Zimenezi n'zosavuta kuzigwira: tengani nyumba khumi zofanana mumsewu umodzi, gawani mtengo wa zomangidwa ndi masikweya mita a iliyonse, ndipo muone ngati mayankho akuyandikana. Ngati ina ikutuluka kasanu kuposa zinzake, funsani chaka chimene inalowera. Koma kubweza mtengo zaka ziwiri kapena zitatu n'kotheka, pamene kubweza zaka zoposa khumi kumasanduka kulota, chifukwa umboni wa mitengo ya nthawi imeneyo m'dera limene linali thengo kulibe.

Tikudziwa chimene chimalepheretsa. Lamulo limafuna kuti kaundula akonzedwe ndi valuwa wolembetsedwa, mavaluwa otere m'dziko muno ndi ochepa, ndipo kuyendera nyumba imodziimodzi mumzinda wonse kumadya ndalama zimene khonsolo yosatolera bwino ilibe. Ndiye kaundula sakonzedwa chifukwa ndalama palibe, ndipo ndalama palibe chifukwa kaundula sakonzedwa.

Mzuzu inayesa njira ina kuyambira mu 2013, pa ndondomeko yotchedwa REMOP. M'malo mowerengera nyumba iliyonse mwa ukatswiri wonse, anayendera mzinda n'kulemba malo alionse, kukula kwa nyumba ndi zinthu zooneka ndi maso, monga mtundu wa makoma, denga, mpanda ndi msewu wofikirapo, n'kupereka mapointi pa chilichonse. Malo olembedwa m'kaundula anachoka pa pafupifupi 10,000 kufika pa pafupifupi 40,000, ndipo ndalama zotolera zinakwera kangapo m'zaka zotsatira. Chiwerengero choyambacho chikutanthauza kuti pa malo anayi alionse, atatu sankadziwika ku khonsolo. Njira imeneyi inakumana ndi funso la lamulo lomwe lija, lakuti ndani ali ndi mphamvu yosainira kaundula, ndipo funso limeneli ndi lanu, a Nduna, chifukwa khonsolo payokha singasinthe lamulo.

Sitikunena kuti mapointi ndi mankhwala a zonse. Mapointi amayenda bwino pa nyumba zogonamo ndi timasitolo tofanana, zimene ndi zochuluka kwambiri mumzinda. Amalephera pa hotela, fakitale, malo omwetsera mafuta ndi nyumba zikuluzikulu za maofesi, zimene ndi zochepa koma zimasenza gawo lalikulu la msonkho, ndipo zimenezi zisiyireni valuwa aziwerengera imodziimodzi. Komanso mapointi sayenera kuchokera m'mutu mwa munthu. Valuwa ayambe watenga nyumba mazana angapo za m'madera osiyanasiyana, apeze lendi kapena mtengo wake weniweni, kenako aone kuti denga la matailosi, tala kapena mpanda zimawonjezera zingati. Akatero ayese mapointiwo pa nyumba zina zimene sanazigwiritse ntchito poyamba. Ngati mapointi akutsitsa nyumba zodula n'kukweza zotchipa, ndiye kuti osauka alipirira olemera, ndipo ayenera kukonzedwa bilu ngakhale imodzi isanatuluke. Chimene tikupempha n'chakuti lamulo livomereze njira imeneyi momveka, pansi pa uyang'aniro wa valuwa wolembetsedwa, kuti khonsolo yoitsatira isamaope kukokeredwa kukhoti.

Pali ntchito ina imene simufunika kudikira lamulo kuti muichite. M'khonsolo momwemo, ofesi yovomereza mapulani imadziwa amene akumanga, koma nkhaniyo siifika ku ofesi yosunga kaundula, ngakhale zitseko zake zili pakhonde limodzi. Lamulani kuti mwezi uliwonse mndandanda wa mapulani ovomerezedwa, ziphaso zolowera m'nyumba ndi mapuloti ogawidwa uzipita kwa valuwa wa khonsolo. Amene amanga opanda pulani mudzawapeza kwa a bodi ya madzi ndi a ESCOM, chifukwa munthu angazembe khonsolo koma mita ya madzi amaifuna. Mudzafunikanso kugwirizanitsa mabuku anu ndi a Unduna wa za Malo ndi a Malawi Housing Corporation, popeza nambala ya puloti imodzi imatha kulembedwa mosiyana m'mabuku atatu, bilu n'kumapita kwa munthu amene anagulitsa malowo kalekale kapena anamwalira. Mangawa ambiri amene mumalengeza m'manyuzipepala, mukawafufuza, ena mwa iwo ndi a mtundu umenewu, ndipo simudzawatolera ngakhale mutatumiza makalata angati.

Tsopano bilu yeniyeniyo. Munthu akalandira pepala longolemba ndalama yoti alipire ndi mangawa akale, alibe poyambira kufunsa. Bilu ionetse nambala ya puloti, masikweya mita amene munayeza, mtengo wa nthaka, mtengo wa zomangidwa, chaka cha kaundula, mulingo wa chilichonse, ndi gulu limene mwaikamo malowo, kaya ogonamo kapena a bizinesi. Mwini nyumba ataona kuti mwalemba masikweya mita 210 pamene yake ndi 120, adzabwera yekha ndi tepi, ndipo mwakonza kaundula popanda kulipira woyeza. Lembaniponso kuti siti reti si galaundi renti. Anthu ambiri akalipira lendi ya nthaka kwa mwini malo amakhulupirira kuti athana ndi khonsolo, n'kudzadzidzimuka tsiku logulitsa nyumba, pamene akufunsidwa chikalata chosonyeza kuti alibe ngongole ya siti reti.

Chiwongoladzanja nacho chilembedwe padera. Lamulo limalola khonsolo kuwonjezera 4 peresenti pamwezi pa msonkho umene wakhala masiku 60 osalipidwa. Pa bilu ija ya K100,000, imeneyi ndi K4,000 mwezi uliwonse, kapena K48,000 pa miyezi 12. Koma kompyuta ikamawerengera chiwongoladzanja pamwamba pa chiwongoladzanja, miyezi 12 yomweyo imatulutsa pafupifupi K60,000, ndipo zaka zikamapita kusiyanaku kumakula mpaka ngongole kuposa nzeru. Mwini nyumba ali ndi ufulu wodziwa njira imene mwatsata. Popeza lamulo lomwelo limakupatsani mphamvu yolanda ndi kugulitsa malo amene akhala zaka zitatu osalipiridwa, masamu ofikitsa munthu pamenepo ayenera kukhala oti aliyense angawabwereze pa pepala.

Za madandaulo tinene mwachidule. Kaundula akatuluka amaikidwa poyera kuti anthu amuone, ndipo wosakhutira ali ndi masiku 28 oti alembe dandaulo, limene likapanda kumveka limapita ku bwalo loona za mitengoyi, kenako ku Khoti Lalikulu. Masiku 28 ndi ochepa ngati buku lili pa tebulo limodzi ku ofesi yaikulu ndipo chidziwitso chili mu Gazeti ya boma imene wa ku Ndirande kapena ku Mchesi saiona. Ikani masamba a wodi iliyonse ku wodi komweko, lengezani pa wailesi m'zinenero zimene anthu amalankhula, ndipo uzani anthu kuti dandaulo lomveka ndi lokhudza muyeso, gulu, mtengo kapena dzina la mwini. Kunena kuti khonsolo sichotsa zinyalala ndi dandaulo loona, koma malo ake ndi kwa khansala ndi pa msonkhano wa bajeti, valuwa sangatsitse nalo mtengo. Bwalo lija likhale litakhazikitsidwa kaundula asanatuluke, chifukwa munthu amayenera kupitiriza kulipira pamene dandaulo lake likudikira.

A Nduna, lamulo limati boma lizilipira theka la msonkho pa malo ake. Ku Lilongwe ndi ku Zomba, kumene nyumba za boma zili zambiri, theka limenelo likachedwa dzenje lake limakwiriridwa ndi eni nyumba wamba kudzera mu mulingo wokwera. Tikupempha kuti ndalama imeneyi izioneka payokha mu bajeti ya unduna uliwonse. Ndipo kwa inu a Meya, msonkhano wa bajeti ukubwerawu usanakambe za mulingo, khonsolo iliyonse ilengeze manambala anayi: chaka cha kaundula amene ikugwiritsa ntchito, malo amene ali m'kaundulamo, malo amene akuoneka pa chithunzi cha m'mwamba cha mzindawo, ndi mabilu amene analipidwa chaka chatha.

Ndife anu,
Ena mwa ogwira ntchito yoyeza ndi kuwerengera mitengo ya malo ndi nyumba